Moni wa pa Idi, Khrisimasi ndi chaka chatsopano: abale athu tiwalembere chiyani?



Titangotsegulira teremu yachiwiri chaka chatha, mtsikana wina wa Folomu 3 anabwera ku ofesi ya aphunzitsi nkhope ili yakugwa. Amalume ake, amene amamulipirira fizi, anali atasiya kuyankha mauthenga ake. Amalumewo ndi Mkhristu, ndiponso ndi mkulu wa mpingo kwawo. Pa Idi iwo anaimba foni m'mawa, natumizanso ndalama ya mpunga ndi nkhuku. Itafika Khrisimasi, mtsikanayo anakhala chete poopa kuchimwa. Tsiku lotsatira, poona kuti chete uja wanyanya, anawatumizira chithunzi chimene chinkazungulira pa WhatsApp, chofotokoza zifukwa zimene Asilamu sakondwerera tsikulo. Iye ankaganiza kuti akupepesa. Amalume anamva ngati mwana wa mlongo wawo wawanyoza pa tsiku lawo.

Nkhaniyo inatha bwino, koma inatengera amayi a mtsikanayo kukwera minibasi kukakhala pansi ndi mlongo wawo. Ife aphunzitsi inatisiyira phunziro. Pasukulu pano n'zovuta kupeza mwana amene abale ake onse ndi a chipembedzo chimodzi. Wina agogo ake amaswali, azakhali ake amaimba kwaya. Wina bambo ake ndi muazini, alamu ake ndi a Katolika. Ana athu amadziwa kulemba chimangirizo, koma uthenga wa mizere itatu wopita kwa mbale umawavuta. N'chifukwa chake tati teremu isanathe tikambirane za kalembedwe ka moni wa pa zikondwerero.

Mafuwa atatu a moni

Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Moni wabwino nawonso umakhala pa mafuwa atatu, ndipo limodzi likasowa umapendekeka.

Fuwa loyamba ndi kuitana. Munthu amafuna kumva kuti uthengawu ndi wake, osati wa gulu. Choncho timayamba ndi dzina la ubale: agogo, amalume, azakhali, bambo aang'ono, mayi aakulu, achimwene, achemwali, alamu. Fuwa lachiwiri ndi mafuno, ndiye kuti chimene tikumufunira kapena kumupemphera munthuyo. Lamulo lake ndi lakuti tizinena zokhazo zimene tinganene ndi mtima wonse, popanda kunama kwa iye kapena kwa Allah. Fuwa lachitatu ndi nkhani ya pakhomo: kanthu kamodzi kamene kakusonyeza kuti tikudziwa mmene moyo wa munthuyo ulili, monga mwendo umene unkawavuta agogo, chimanga cha kudimba, kapena khanda limene labadwa kumene.

Zithunzi zongotumizirana zija, za mwezi ndi nyenyezi kapena za makandulo, zili ndi fuwa lachiwiri lokha. Sizitchula munthu, sizidziwa za pakhomo pake, ndipo wolandirayo amaona pamwamba pake kuti zachokera kwina. Kwa anzanu a m'kalasi zilibe vuto. Kwa munthu wamkulu zili ngati kumuponyera mbale ya nsima uli chiimire.

Iwe ndi inu asakumane mu uthenga umodzi

Cholakwika chimene timachiona kwambiri si cha chipembedzo ayi, ndi cha chiyankhulo. Mwana amayamba bwino, «Moni agogo», koma pofika pakati walemba kuti «Allah akupatse moyo wautali». Mawu akuti «akupatse» ndi a iwe. Kwa agogo timati «akupatseni». Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri zokha, ni, koma zikasowa ulemu wonse wagwa. N'chimodzimodzi «ndikukufunira» ndi «ndikukufunirani», «ndakusowa» ndi «ndakusowani», «banja lako» ndi «banja lanu». Musanatumize, werengani uthengawo kawiri, ndipo kachiwiriko muzingoyang'ana mathero a mawu.

Inu ndi wa aliyense wamkulu kwa ife, ngakhale atatiposa ndi zaka ziwiri zokha. Ndi wa alamu, ngakhale tili nawo msinkhu umodzi. Kwa inu makolo, ndi wa apongozi nthawi zonse, ndipo uthenga wopita kwa apongozi sukhala ndi nthabwala kapena mawu odula. Iwe ndi wa mng'ono wathu, mwana, ndi msuweni amene tinakulira naye limodzi. Chisuweni chimalola nthabwala, choncho palibe cholakwika kumulembera msuweni kuti «Iwe, nyama ya Idi usamalize wekha, ndikubwera». Koma mawu omwewo akapita kwa bambo aang'ono ndi mwano.

Dzina la munthu wamkulu sititchula lokha. Ngati amalume alipo atatu ndipo tikufuna kusiyanitsa, timatchula malo kapena mwana wawo: amalume a ku Liwonde, kapena bambo a uje. Ndipo ngati agogo amayankhula Chiyao pakhomo, yambani ndi Chiyao, ngakhale mawu awiri okha akuti «Ali uli?», kenako n'kupitiriza m'Chichewa. Pomaliza dzitchuleni. Agogo ambiri amawerengeredwa uthenga ndi mdzukulu wina, pafoni yobwereka, ndipo nambala yanu saidziwa. Uthenga wopanda «Ndine mdzukulu wanu uje» umasanduka mwambi woti banja lonse limasulire.

Pa Idi: funsani kaye kuti ndi Idi iti

Idi zilipo ziwiri, ndipo mafuno ake amasiyana. Idi yomasula swaumu imabwera pa 1 Shawali, mwezi wa Ramadani ukatha. Apa mafuno oyenera ndi akuti Allah alandire swaumu, swala za usiku ndi sadaka za munthuyo. Idi yozinga nyama imabwera pa 10 Zulihija, m'masiku a Haji. Apa timapempha kuti Allah alandire nsembe yake. Tinaonapo uthenga wa pa Idi yozinga wonena kuti «Allah alandire kusala kwanu kwa mwezi wonse». Wolembayo anangokopera wa Idi yapita ija, ndipo wolandira anadziwa.

Chachiwiri ndi tsiku. Chaka cha Chisilamu chili ndi masiku 354 kapena 355, choncho Idi imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2024 Idi yomasula inali mu Epulo, mu 2025 inali kumapeto kwa Malichi. Tsiku lenileni limadziwika mwezi ukaoneka ndipo atsogoleri athu akalengeza. Musatumize moni wa Idi chilengezo chisanamveke, chifukwa mukhoza kumusokoneza munthu amene akuyenera kusalabe mawa lake. Kumbukiraninso kuti mayiko amatha kusiyana ndi tsiku limodzi. Ngati muli ndi mbale ku Joni kapena ku Mangalande, yambani mwamufunsa kuti, «Kumeneko mwezi waoneka?»

Mawu odziwika ndi akuti «Idi Mubaraka», kutanthauza Idi yodalitsika. Palinso duwa imene Maswahaba ankapatsana akakumana pa Idi, yakuti «Takabala Lahu mina wa minkumu», kutanthauza kuti Allah alandire kwa ife ndi kwa inu. Ubwino wa duwa imeneyi ndi wakuti wonenayo akudzipemphereranso yekha, choncho mwana akhoza kuinena kwa shehe popanda kuoneka ngati akudzikweza. Koma ngati simukutsimikiza kalembedwe ka Chiarabu, lembani m'Chichewa. Duwa ya m'Chichewa yomveka iposa ya Chiarabu yopotoka.

Nawu moni wopita kwa agogo aakazi akumudzi pa Idi yomasula:

«Asalamu alaikumu agogo. Idi Mubaraka. Allah alandire swaumu yanu ndi duwa zonse zimene mumatichitira. Amayi anandiuza kuti mwasala mwezi wonse ngakhale mwendo uja ukuvutabe. Allah akupatseni mphamvu, tidzadyenso Idi ina muli moyo. Ndine mdzukulu wanu wa kusekondale.»

Mafuwa onse atatu alipo. Agogo atchulidwa, duwa ikugwirizana ndi Idi yake, ndipo mwendo uja wasonyeza kuti mdzukulu amafunsa za iwo. Ngati agogo sawerenga, jambulani mawu omwewo ndi pakamwa n'kutumiza, kapena imbani foni anthu akabwerako koswali. Mawu a mdzukulu ali ndi kukoma kumene zilembo zilibe.

Kwa achimwene amene ali ku Joni, vuto limakhala lina. Ambiri a iwo amalandira mauthenga ochuluka pa Idi, ndipo pafupifupi onse amathera pa pempho. Munthu amafika poopa kutsegula foni. Ife tikuti moni ndi pempho zisayendere limodzi. Lembani chonchi:

«Asalamu alaikumu achimwene. Idi Mubaraka, ngati kumeneko mwaswali lero. Kuno taswalira pabwalo, ndipo pa mkeka wa mpunga malo anu anaoneka. Allah akutetezeni pa ntchito, akubwezeni kwathu ndi mtendere. Amayi akupereka moni.»

Ngati nsapato zathadi, nkhani imeneyo idikire masiku atatu kapena anayi, ndipo ibwere payokha. Moni umene uli ndi mchira wa pempho, wolandira amakumbukira mchira wokhawo.

Pakhomo pamene pagwa maliro

Chikondwerero choyamba munthu atataya wokondedwa wake chimakhala cholemera kuposa masiku ena onse. Taganizani za azakhali amene amuna awo amwalira mwezi wa Shabani. Idi yomasula idzawapeza akadali pa eda, imene kwa mkazi wamasiye imatenga miyezi inayi ndi masiku khumi. Uthenga wakuti «Sangalalani, idyani bwino Idi» ungawabaye mtima. Koma kukhala chete n'koipa kuposa pamenepo, chifukwa iwo amaona ngati abale awaiwala pamodzi ndi malemuwo. Njira yake ndi kutchula chisonicho poyera, mwachidule, n'kuikapo duwa:

«Asalamu alaikumu azakhali. Lero pa Idi tikukukumbukirani kwambiri. Tikudziwa kuti ndi Idi yoyamba popanda atsibweni athu. Allah awakhululukire, awaike ku Jana, ndipo inu akupatseni kupirira. Amayi abwera madzulo ndi chakudya.»

M'malo mwa «atsibweni» ikani dzina la ubale limene munkawaitanira malemuwo. Onani kuti mawu akuti «yabwino» ndi «sangalalani» mulibe, ndipo uthengawo ukutha ndi chinthu chimene chichitikedi. Musalonjeze kubwera ngati simubwera. Kwa mbale Wachikhristu woferedwa kalembedwe kake ndi komweko pa Khrisimasi: kumukumbukira, kutchula malemu, ndi kupempha kuti Mulungu amutonthoze mtima iye ndi ana.

Pa Khrisimasi: nenani zimene mungaimepo

Apa ndi pamene mtsikana wathu uja anapunthwa, choncho tikhalitsepo pang'ono. Mashehe amasiyana maganizo pa nkhani yomufunira Mkhristu Khrisimasi yabwino. Ena amaletsa, ponena kuti mawuwo ali ngati kuvomereza chikhulupiriro chimene tsikulo laimapo. Ena amalola, ponena kuti ndi mawu a ubale ndi chikhalidwe chabwino, bola munthu asanene za chikhulupiriro zimene sazivomereza. Ife monga sukulu sitipereka chigamulo pa zimenezi. Banja lililonse litsate zimene shehe wawo anawaphunzitsa.

Chimene mbali zonse ziwiri zimagwirizana ndi chakuti ubale sudulidwa chifukwa chosiyana chipembedzo. Kurani, mu sura 60 ndime 8, imalola kuchitira zabwino ndi chilungamo anthu a zipembedzo zina amene sakulimbana nafe. Mu sura 31 ndime 15 imalamula mwana kukhala bwino ndi makolo ake pa dziko lino ngakhale asali Asilamu. Timadziwanso za Asma, mwana wa Abu Bakari, amene amayi ake anamuyendera asanalowe Chisilamu, ndipo Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamuuza kuti asunge ubale ndi amayi akewo. Choncho funso si lakuti tilembe kapena tisalembe. Funso ndi lakuti tilembe mawu ati.

Tiyeni tiukonze limodzi uthenga umene mtsikana uja akanatumiza kwa amalume ake. Pa chikhalidwe chathu, kaya ndife Ayao kaya Achewa, amalume ndi mwini mbumba. Ndi amene amaitanidwa pa ukwati, pa matenda ndi pa mlandu. Moni wopita kwa iwo uyenera kulemera.

Tiyambe ndi kuitana. Kwa Mkhristu, «Moni amalume» kapena «Mwadzuka bwanji amalume» ndi wokwanira, ndipo ndi moni umene iwo anazolowera. Kenako mafuno. Ngati banja lanu limatsata mashehe olola, mukhoza kulemba kuti «Mudye bwino Khrisimasi». Ameneyu ndiye mnenedwe wathu, pakuti chikondwerero ife timadya: timafunsana kuti «Idi mukadyera kuti?» kapena «Khrisimasi mwadya bwanji?» Ngati banja lanu limatsata mashehe oletsa, simukusowa mawu. Funirani munthuyo zabwino m'malo mofunira tsikulo: umoyo, mtendere, ulendo wabwino wa alendo ake, mpumulo wa tchuthi. Pomaliza nkhani ya pakhomo, ndipo kwa amalume olipira fizi nkhaniyo ndi kuthokoza ndi kuwauza za sukulu.

Wa banja loyamba ungakhale wotere:

«Mwadzuka bwanji amalume? Ndati ndikupatseni moni pa tsiku lanu la lero. Mudye bwino Khrisimasi pamodzi ndi azakhali ndi asuweni anga. Zikomo chifukwa cha fizi ya teremu yatha. Ndakhoza bwino masamu, lipoti ndibweretsa ndikabwera. Mulungu akusungeni. Ndine mwana wanu.»

Wa banja lachiwiri ungakhale wotere:

«Mwadzuka bwanji amalume? Ndikudziwa kuti lero banja lonse lasonkhana kwanuko, ndiye ndati ndisakhale chete. Mulungu akupatseni umoyo wabwino ndi mtendere, ndipo alendo onse abwerere bwino. Zikomo chifukwa cha fizi ya teremu yatha. Ndakhoza bwino masamu. Mundiperekere moni kwa azakhali. Ndine mwana wanu.»

Uthenga wachiwiriwu sunatchule Khrisimasi n'kamodzi komwe, komabe palibe malume amene angaulandire n'kumva kuti watayidwa. Wafika pa tsiku lake, wavomereza kuti tsikulo ndi lalikulu kwa iwo, ndipo mwanayo sananene chilichonse chotsutsana ndi chikhulupiriro chake. Tagwiritsa ntchito dzina lakuti Mulungu chifukwa ndi limene tonse timalimva m'Chichewa, ndipo Asilamu timalitchula tsiku ndi tsiku.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kupewa, china kumanja china kumanzere. Choyamba, musakopere mauthenga a Khrisimasi a ena osawawerenga. Ambiri amakhala ndi mawu a chikhulupiriro, monga otchula Yesu kuti Mwana wa Mulungu kapena Mpulumutsi. Kwa Mkhristu amenewo ndi mawu a chikhulupiriro chake, koma Msilamu akawatumiza wanena zimene sakhulupirira, ndipo amalume omwewo adzadabwa. Chachiwiri, musasandutse moni kukhala ulaliki. N'zoona kuti ife timalemekeza Mneneri Isa, mtendere ukhale pa iye, ndipo sura 19 ya Kurani ili ndi dzina la amayi ake, Mariyamu. Nkhani imeneyi ndi yokoma kukambirana tsiku lina muli pakhonde, onse mutafuna. Koma uthenga wa pa 25 Disembala woyamba ndi «Ngakhale ife sitikhulupirira kuti» wasiya kale kukhala moni. Tangoganizani mmene mungamvere mbale atakutumizirani pa Idi zifukwa zimene iye sasalira Ramadani.

Akatipatsa moni, tiyankhe bwanji?

Kawirikawiri abale Achikhristu ndi amene amayamba. Pa Idi amatilembera «Idi yabwino», ena amayesa ndithu «Idi Mubaraka». Musawakonze kalembedwe. Yankhani mothokoza, ndipo ngati ali pafupi aitaneni: «Zikomo kwambiri mayi aang'ono, mwatikumbukira. Mpunga wapsa, bwerani ndi ana.» Pa Idi yozinga mabanja ambiri amatumiza kanyama kwa abale ndi anansi, ndipo mwana wotumidwayo akhale ndi mawu okanena: «Amayi akuti tazinga lero, ndiye nanunso mulaweko.»

Nanga mbale akatilembera kuti «Khrisimasi yabwino», poiwala kapena posadziwa kuti ife sitidya? Iye wapereka chabwino chimene ali nacho. Kurani, mu sura 4 ndime 86, imatiphunzitsa kubweza moni ndi wabwino kuposa umene talandira, kapena wofanana nawo. Yankho lakuti «Zikomo alamu, nanunso Mulungu akupatseni mtendere ndi umoyo wabwino pamodzi ndi ana» ndi loona, ndi laulemu, ndipo silikukakamizani kunena chimene simufuna. Yankho lakuti «Ife sitipanga nawo zimenezo» likhoza kukhala loona, koma limatseka chitseko chimene mudzafune kugogodapo pa tsiku la maliro.

Chaka chatsopano: yang'anani kumunda

Ife tili ndi zaka zatsopano ziwiri. China chimayamba pa 1 Muharamu. Mwachitsanzo, chaka cha 1447 chinayamba kumapeto kwa Juni 2025. China ndi cha pa 1 Januwale, chimene boma, sukulu ndi ntchito zimayendera. Moni wa pa Muharamu ndi wa pakati pa Asilamu, ndipo duwa yaifupi yopempha chaka cha mtendere ndi chikhulupiriro ndi yokwanira. Kwa mbale Wachikhristu moni umenewu ungangomusokoneza.

Pa 1 Januwale napo mabanja amasiyana, ena amapereka mafuno, ena amangoona ngati tsiku wamba. Kwa amene mumapereka, kumbukirani kuti Januwale kwathu kuno si mwezi wa madyerero. Ndi nthawi yopalira ndi kubandira, nkhokwe zambiri zapepuka, feteleza akufunika, ndipo fizi ya teremu yachiwiri ili pakhomo. Mauthenga okopera aja olonjeza galimoto, nyumba ndi chuma chosefukira amamveka ngati chipongwe kwa munthu amene akuganiza za ufa wa mawa. Mafuno abwino a chaka chatsopano amachokera pa zimene munthuyo akuyembekezadi.

Kwa bambo aakulu amene ndi mlimi tingati: «Mwalowa bwanji chaka, bambo aakulu? Ife talowa bwino. Allah atipatse mvula yokwanira, chimanga chija chibereke, ndipo inu akupatseni mphamvu zolimira.» Kwa achemwali amene ali ndi pakati sititchula za mimba pa uthenga, monga mwa mwambo wathu, timangoti, «Allah akusungeni chaka chino, tikukupemphererani masiku onse», ndipo iwo amamva. Kwa mng'ono wathu amene ali mu Sitandade 8 tingati: «Iwe, chaka chako chafika. Limbikira, ndikufuna udzandipeze kusekondale kuno, Insha Allah.» Funso lakuti «Mwalowa bwanji chaka?» ndi labwino kwa aliyense, Msilamu ndi Mkhristu yemwe, chifukwa ndi funso la umoyo, ndipo limapatsa munthu mpata woyankha.

Musanadine potumizira

Tisanamalize, nazi zinthu zochepa zoti muziyese pa uthenga uliwonse. Uwerengeni mokweza ngati kuti munthuyo wakhala patsogolo panu. Mawu amene simungawanene mutagwada pamaso pa agogo, musawalembe. Funsani ngati uthengawo ungapite kwa munthu wina osasintha kanthu; ngati ungapite, fuwa lachitatu likusowa. Musadule mawu polembera akuluakulu, monga «bho», «zkm» kapena «mlbwj». Uthenga wamba wa pafoni umakwana zilembo 160, ndipo moni wa mafuwa atatu nthawi zambiri umapitirira pamenepo n'kuwerengedwa ngati mauthenga awiri. Lolani zimenezo. Mayunitsi a uthenga wachiwiri ndi otchipa kuyerekeza ndi ulendo wa minibasi wokapepesa.

Samalaninso nthawi ndi ndondomeko. Wamng'ono ndiye amayamba kupereka moni kwa wamkulu, choncho musadikire kuti amalume ayambe. Pa Idi yambani ndi makolo ndi agogo mukangochoka koswali. Pa Khrisimasi abale ambiri amakhala kutchalitchi m'mawa, ndiye foni imbani masana. Uthenga wolemba ukhoza kupita nthawi iliyonse. Pa chaka chatsopano musadzutse nkhalamba pakati pa usiku, kunja kukacha n'kokwanira. Ndipo moni woikidwa pa gulu la banja sulowa m'malo mwa moni wa munthu payekha. Agogo, amalume ndi azakhali ayenera kulandira wawowawo.

Kwa inu makolo, pempho lathu ndi lakuti ana akafika pa tchuthi, khalani nawo pansi muwauze mmene banja lanu limachitira pa Khrisimasi ya abale, ndi chifukwa chake. Mwana amene sanauzidwe amangoganizira yekha, ndipo amatha kukhala chete kapena kulalikira, monga anachitira mtsikana wathu uja. Muwauzenso abale amene aferedwa, amene akudwala ndi amene mwasiyana nawo mawu, kuti asalembe mwakhungu. Kwa a komiti ya mzikiti, tikupempha kuti pa Ijumaa ina Disembala asanafike pakati, ashehe athu anenepo za kusunga ubale ndi abale a zipembedzo zina, kuti zimene ana akumva kusukulu zigwirizane ndi zimene akumva kumzikiti.

Inu ophunzira, ntchito ya tchuthi ya phunziro la Chichewa ndi iyi: lembani m'kope moni utatu, wina wa kwa agogo, wina wa kwa mbale wa chipembedzo china, wina wa kwa mbale amene ali pa mavuto. Musalembe mayina awo enieni. Tidzawerengera limodzi sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi. Mtsikana uja, amene tsopano ali mu Folomu 4, watilola kukuuzani kuti wake wa kwa amalume walemba kale, ndipo amayi ake auona.

Allah akusungeni nonse pa tchuthi, ndipo tidzaonane mu Januwale, Insha Allah.